M'lifupi Sankhani Nokha, Msinkhu Isiyireni Kompyuta

Ndikulankhula ndi inu alembi a madesipashante ndi a makampani a malole amene mumagwira ntchito pa chipata chino cha Cassacatiza. Lole yochokera ku doko la Beira, ikadutsa ku Tete n'kufika pano isanawolokere ku Chanida ndi kupitirira ku Katete, imakhala ndi mapepala ambiri. Ena amalowa m'makina a boma, kuno Janela Única Electrónica, tsidya lija ASYCUDA World, ndipo kaonekedwe kake simusankha ndinu. Koma pali pepala limodzi limene lili m'manja mwanu kuyambira pachiyambi: tebulo la mu Excel la malole amene mukuwagwirira ntchito, limene mumasindikiza kapena kutumiza pa foni kwa bwana, kwa mwini katundu, kapena kwa mnzanu wa tsidya lina. Mfundo yanga lero ndi imodzi. M'tebulo limenelo, m'lifupi mwa kolamu ya mawu muyenera kusankha nokha, mukuyang'ana pepala limene mudzasindikizepo, koma msinkhu wa mzere musaukhudze ndi dzanja, isiyireni kompyuta. Ambiri amachita motembenuza: m'lifupi amasiyira kompyuta, msinkhu n'kumakoka okha ndi mausi. Mizere yodukizadukiza ndi zilembo zosawerengeka zimene mumaona zimachokera pamenepo.

Tiyambe ndi zimene Excel imachita zolembedwa zikakula kuposa kabokosi, chifukwa simachita chinthu chimodzi. Ngati mwalemba mawu ndipo kabokosi ka kumanja kalibe kanthu, mawuwo amasefukira m'menemo ndipo amaoneka onse. Mukangolemba kanthu kumanjako, mawu aja amadulidwa pa malire, ndipo Excel siika chizindikiro chilichonse chokuchenjezani. Nambala yokha siisefukira. Tsiku, kapena ndalama imene mwaiika kuti izioneka ndi manambala awiri kuseri kwa koma, zikapanda kukwana mumaona ##### m'kabokosi monse. Ambiri amachita mantha ndi zizindikiro zimenezi, koma kunena zoona ndi zimene zili bwino kuposa zonse, chifukwa zikukuuzani poyera kuti pano pali vuto. Choopsa ndi nambala imene mwangoisiya pa General. Mukalemba matani 28,75 kenako n'kupanikiza kolamu, Excel imayamba kuonetsa 28,8, mukapanikizanso ionetsa 29. M'kati nambala ikadali 28,75 ndipo masamu onse akuyenda bwino, koma pepala losindikizidwa likunena 29.

Apa wina anganene kuti zonsezi ndi zokongoletsa chabe, popeza zolembedwazo sizinatayike, ndipo aliyense akadina pa kabokosi aziona zonse pamwamba paja. N'zoona kwa munthu amene wakhala pa kompyuta. Koma dalaivala amene mwamupatsa pepala alibe podina, ndipo mwini katundu amene walandira PDF pa foni ali ku Lusaka alibenso podina. Kwa iwo zimene zikuoneka ndiye zimene zilipo. Tiyerekeze kuti pa mzere wa lole ina mwalemba kuti: Feteleza wa ureya, matumba 560 a 50 kg, 12 ong'ambika, 3 onyowa. Chiganizo chimenechi chili ndi zilembo 63, kuwerengera ndi mipata yomwe. Kolamu ikakhala ya m'lifupi 40 ndipo mawu sanapindidwe, chidzadukira cha pamene pali 50 kg, ndipo wowerenga adzaona chiganizo chathunthu, chomveka, chopanda chokayikitsa: feteleza, matumba 560. Zoti matumba 15 ali ndi vuto zatsala kuseri. Onani kuti alembi mwachibadwa amayamba ndi dzina la katundu, zodandaulitsa n'kuziika kumapeto, ndiye kuti chimene chimadulidwa kawirikawiri ndi chimene chidzautse mkangano tsiku lotsitsa katundu.

Mankhwala a mawu odulidwa ndi kuwapinda kuti atsikire pa mzere wachiwiri m'kabokosi momwemo. Batani lake lili pa tsamba la Home ndipo limalembedwa Wrap Text. Pa makompyuta a Chipwitikizi cha ku Portugal tsambalo ndi Base ndipo batanilo ndi Moldar Texto, pamene pa a Chipwitikizi cha ku Brazil mupeza Quebrar Texto Automaticamente. Koma batani limeneli lilibe nzeru zake zosankhira popinda. Limapinda pamene kolamu yathera, basi. Kolamu yatsopano mu Excel imakhala ya m'lifupi 8,43, kutanthauza kuti mungalowe maziro 8 ndi kachidutswa a zilembo zimene buku lonselo likugwiritsa ntchito. Mukapinda chiganizo chathu cha feteleza m'kolamu yotereyi, chidzatsika mizere pafupifupi 8, mawu oti ong'ambika adzathyoledwa pakati, ndipo mzere umene unali wa mapointi 15 udzafika cha m'ma 120. Malole anayi okha adzadzaza pepala logoneka. Chiganizo chomwecho m'kolamu ya 40 chimatenga mizere iwiri, mapointi 30. Ndiye mukuona kuti msinkhu wa mzere suyima paokha, umabadwa kuchokera ku m'lifupi. N'chifukwa chake dongosolo lake ndi ili: m'lifupi choyamba, kupinda pambuyo, msinkhu pomaliza. Mukayamba ndi msinkhu mudzaubwereza kawiri katatu.

Nanga bwanji osangosankha tebulo lonse n'kudina kawiri pa malire a makolamu, kompyuta ikonze yokha? Funso limeneli ndi la nzeru, ndipo ambiri munaphunzitsidwa choncho. Mukadina kawiri pa kamzere kolekanitsa zilembo za makolamu pamwamba, kapena mukapita ku Home, Format, AutoFit Column Width, Excel imafufuza kabokosi kotalika kuposa tonse m'kolamuyo n'kukulitsa kolamu yonse kuti kamodziko kakwane. Pa makolamu a manambala zimenezi n'zabwino zedi, chifukwa zolembedwamo zimafanana kutalika. Tsiku lolembedwa ngati 14/03/2024 lili ndi zilembo 10 nthawi zonse. Nambala ya kontena ili ndi zilembo zinayi ndi manambala 7, zonse 11, kaya kontenayo yachokera dziko liti. Koma pa kolamu yofotokoza katundu, mzere umodzi ukhoza kukhala ndi mawu amodzi, chimanga, pamene wina uli ndi zilembo 200 zofotokoza chifukwa chimene lole yagonera pa chipata. Kompyuta idzatsatira wa 200 uja, mpaka malire ake a 255, ndipo siidziwa kuti pepala lanu ndi la A4. Mukatero kolamu imodzi yaposa pepala lonse.

Tiyeni tiwerenge bwinobwino, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Pepala la A4 ndi la mamilimita 210 kwa 297. Mukaligoneka cham'mbali, ndi zilembo za Calibri 11 ndiponso mipata ya m'mphepete imene Excel imaika yokha, limalandira m'lifupi wa pafupifupi 120, mukaphatikiza makolamu onse. Nambala imeneyi imasinthako pang'ono malinga ndi makina osindikizira, choncho itengeni ngati poyambira. Tsopano gawani. Tsiku lipatseni 11. Nambala ya lole 13. Kontena 14, osati 11, chifukwa zilembo zikuluzikulu monga M ndi U zimadya malo kuposa ziro amene Excel imayezera. Nambala ya gulu la katundu ya akasitomu 10. Kulemera kwa katundu 10, kuti 28.000 kg ikwane momasuka. Mtengo mu meticais 16. Zonsezi pamodzi ndi 74. Zotsala ndi zopitirira 40 pang'ono, ndiye kolamu yofotokoza katundu ipatseni 40: dinani kumanja pa chilembo cha kolamuyo, sankhani Column Width, lembani 40, kenako muyatse Wrap Text. Nambala 40 imeneyi sinachokere m'zolembedwa za m'kolamumo, yachokera pa pepala. Palibe batani limene likanakuwerengerani zimenezi.

Pa kolamu ya mtengo ndaikapo 16 dala, ngakhale 1.250.000,00 ili ndi zilembo 12 zokha. Ambiri amaganiza kuti AutoFit ndi lamulo limene limakhalabe likugwira ntchito, pamene pa makolamu ndi ntchito ya kamodzi, yoyezera zimene zilipo nthawi imeneyo. Pansi pa kolamu pali chiwonkhetso, ndipo chiwonkhetso chimakula mwezi ukamapita. Tsiku limene chidutse mamiliyoni 10 chidzawonjeza chilembo chimodzi, ndipo ngati kolamu inali yothina mudzapeza ##### pa nambala imene bwana amayamba kuyang'ana. Wrap Text pano singakuthandizeni, chifukwa Excel sipinda nambala. Choncho kolamu ya ndalama iyezeni ndi chiwonkhetso chimene mukuyembekezera pakutha pa mwezi, osati ndi mtengo wa lole ya lero.

Palinso msampha wina pa kudina kawiri kuja. Ambiri amalemba mutu wautali wa tebulo m'kabokosi A1, dzina la kampani ndi mwezi, n'kuusiya usefukire kumanja. Mukadina kawiri pa malire a kolamu A, Excel imayeza mutuwo, ndipo kolamu ya tsiku imatambasuka kufika theka la sikirini. Njira yake ndi kusankha timabokosi ta masiku tokhatokha, kusiya A1, kenako n'kupita ku Format, AutoFit Column Width. Mukadutsira njira imeneyi Excel imayeza zimene mwasankha zokha. Mitu ya makolamu nayonso ipindeni. Palibe chifukwa choti kolamu ya manambala afupiafupi ikule mpaka 26 kaamba koti pamwamba palembedwa kuti Kulemera kwa katundu yense.

Tsopano tibwere ku msinkhu, kumene ndikunena kuti chotsanipo dzanja. Mzere uliwonse mu Excel umayamba uli womasuka: mukapinda mawu umakwera wokha, mukachotsako mawu umatsika wokha. Koma mukangoukoka kamodzi ndi mausi, kapena kulemba nambala mu Row Height, Excel imatenga kuti mwalamula, ndipo mzere umenewo sudzasunthanso wokha. Mawa mnzanu akawonjezera mawu pa mzerewo, adzapindika ndithu, koma ena adzabisika, ndipo popeza Excel imakhazika zolembedwa pansi pa kabokosi, kawirikawiri chimene chimabisika ndi chiyambi cha chiganizo. Mungadziwe bwanji kuti mzere wamangidwa? Wrap Text ili yoyaka, mwawonjezera mawu, koma mzere sunakwere, kapena mukuona mitu ya zilembo itadulidwa m'mphepete mwa kabokosi. Kuumasula n'kosavuta: sankhani mizereyo, pitani ku Format, AutoFit Row Height, kapena dinani kawiri pa kamzere ka pansi pa nambala ya mzere kumanzere. Ukatero wabwerera m'manja mwa kompyuta. Pomwepo sankhani tebulo lonse ndi kudina Top Align, kuti nambala ya lole ndi tsiku zikhale pamwamba, moyang'anizana ndi chiyambi cha mawu ofotokoza katundu, diso lisamasochere.

Ena safuna Wrap Text, amati amakonda kudula okha mizere ndi Alt+Enter, kapenanso kumenya mipata yambirimbiri mpaka mawu atatsika. Za mipatazi sindikhalitsapo: mukasintha m'lifupi pang'ono pokha, zonse zimabalalika. Koma Alt+Enter ili ndi malo ake, monga pa adiresi, pamene mzere uliwonse uli ndi tanthauzo lake. Vuto ndi loti imaika chilembo chosaoneka m'kati mwa mawu, ndipo chilembocho chimatsala ngakhale kolamu itakula. Mukadula nacho dzina la kampani pa mzere umodzi, pa mzere wina n'kulilemba osadula, kwa inu ndi dzina limodzi koma kwa Excel ndi mayina awiri. Pa sefa lidzaoneka kawiri, ndipo VLOOKUP, imene pa Chipwitikizi ndi PROCV, idzakuyankhani kuti silikupezeka. Wrap Text imasintha kaonekedwe kokha, pamene Alt+Enter imasintha zolembedwazo.

Chotsutsa champhamvu kuposa zonse n'chakuti pali malo amene kompyuta imalepheradi kuyeza msinkhu, ndipo sindingakane. Oyamba ndi timabokosi tophatikizidwa ndi Merge & Center. Mukaphatikiza timabokosi tinayi kuti mulembe ndemanga yaitali pansi pa tebulo, n'kuyatsa Wrap Text, AutoFit Row Height siwerengera mawu amenewo, mzere umangokhala wa mapointi 15 ngakhale mutadina kangati. Pamenepo mulibe kuchitira mwina, mukoka ndi dzanja, ndipo muzikumbukira kukokanso mukasintha mawu. Koma yankho lenileni ndi kusaphatikiza m'kati mwa tebulo. Ngati mukungofuna kuti mutu ukhale pakati, mu Format Cells, pa Alignment, muli Center Across Selection, imene imaoneka chimodzimodzi popanda kuphatikiza kanthu. Achiwiri ndi mawu ochokera ku fomula: fomula ikabweretsa chiganizo chachitali kuposa cha dzulo, mzere nthawi zambiri sukwera mpaka mutabwereza AutoFit. Ndiye palinso denga. Kabokosi kamodzi kamalandira zilembo 32.767, koma mzere sungapose mapointi 409, omwe ndi mizere ya mawu pafupifupi 27. Ndemanga ikafika pamenepo, imeneyo ndi kalata, ilembeni mu Word. Zolephera zonsezi sizikugwetsa mfundo yathu. Zikungosonyeza malo ochepa, odziwika, amene muyenera kuyang'anapo ndi maso.

Nanga kuchepetsa zilembo? Pali njira ziwiri zimene zimakopa anthu. Ina ndi Shrink to fit, imene imafinya zilembo za kabokosi kamodzi kuti zikwane pa mzere umodzi. Pa nambala imene yaposa ndi chilembo chimodzi ingathandize, koma chiganizo cha zilembo 63 m'kolamu ya 20 chimatsala tizilembo tonga nyerere, ndipo mzere uliwonse umakhala ndi kukula kwakekwake. Excel yomwe imadziwa kuti njira ziwirizi siziyendera limodzi: mukayatsa Wrap Text, Shrink to fit imazimiririka osadinika. Njira ina ndi ya posindikiza, Fit All Columns on One Page. Imeneyi ndi yabwino tebulo likaposa pepala pang'ono. Koma bwererani ku chitsanzo chathu. Ngati munalola kolamu yofotokoza katundu kufika 200, tebulo lonse ndi 274 pa pepala la 120, ndipo Excel idzafinya zonse kupitirira theka. Zilembo za mapointi 11 zidzatuluka zosakwana mapointi 5. Pepala loterolo, likajambulidwa ndi foni madzulo m'kabini ya lole, palibe angasiyanitse 3 ndi 8 pa nambala ya kontena.

Chatsala ndi chinthu chimene chimakhumudwitsa ngakhale amene achita zonse molondola: pa sikirini zonse zikukwana, koma pa pepala mzere womaliza wa mawu wadulidwa, kapena pali mpata wopanda kanthu. Chifukwa chake n'chakuti Excel imayeza zilembo pa sikirini mosiyanako pang'ono ndi mmene makina osindikizira amaziyezera, ndipo mawu amene anakwana movutikira kumapeto kwa mzere amatha kugwera pansi. Kusiyanaku kumakula fayilo ikasamuka. Excel ya makono ya Microsoft 365 imayamba ndi zilembo za Aptos Narrow, zimene kompyuta yakale ilibe, ndipo ikaikapo zina m'malo mwake mawu amapindikira pena. N'chimodzimodzi mukatsegula fayiloyo mu LibreOffice Calc, kumene ntchito zomwezi zimatchedwa Optimal Width, Optimal Height ndi Wrap text automatically. Pa chipata ngati chino, pamene fayilo imodzi imadutsa pa kompyuta ya Chipwitikizi, ya Chingerezi ndi pa foni tsiku limodzi, zimenezi si zachilendo. Apa mpamene mzere womasuka umaposa womangidwa: womasukawo umatha kuyezedwanso kumene wafikako, pamene womangidwa pa mapointi 30 ukhalabe pa 30 ngakhale mawu akufuna 45.

Choncho musakhulupirire sikirini yokha. Bwezerani kukula kwa sikirini pa 100% musanachite AutoFit, chifukwa pa kukula kwina muyeso umaphonyako. Kenako dinani Ctrl+P ndi kuyang'ana chithunzi cha pepala, osati mzere uliwonse, koma umene uli ndi mawu ambiri kuposa yonse ndiponso mzere wa chiwonkhetso. Ngati mawu omaliza adulidwa, wonjezerani m'lifupi mwa kolamu ya mawu ndi 1 kapena 2, mubwereze AutoFit Row Height, osakoka mzere. Ndipo kwa munthu amene akungofuna kuwerenga, monga dalaivala kapena mwini katundu, musamutumizire fayilo ya Excel, mutumizireni PDF imene mwaitsegula ndi kuiona nokha, chifukwa mu PDF mawu sasunthanso.

Pempho langa kwa inu ndi ili. Mukabwerera ku maofesi anu, tsegulani tebulo limene mumakopera mwezi ndi mwezi, chifukwa mizere yomangidwa ndi timabokosi tophatikizidwa zimasamukira m'fayilo iliyonse yatsopano imene mwakopera. Phatikizani m'lifupi mwa makolamu anu muone ngati akukwana pa pepala lanu, ikani nambala yanu pa kolamu ya mawu, yatsani Wrap Text, masulani mizere yonse, ndipo musindikize tsamba limodzi loyesera musanalembemo lole ya mawa.